Makotesheni atatu ndi malonjezo a K5,600,000: kodi bajeti yathu ili bwino?

*Ndine mlembi wa komiti ya sukulu ya mkombaphala m'mudzi mwathu. Makoma a nyumba ya ana, ya mamita 12 m'litali ndi 6 m'lifupi, tinamanga kale ndi njerwa zathu, ndipo tikufuna kufolera ndi kumalizitsa mvula isanagwe. Tatenga makotesheni m'mashopu atatu, tasankha mitengo yotsika, ndipo zonse zakwana K5,400,000, pamene thandizo lomwe tikuyembekezera ndi K5,600,000. Bungwe lina lati tilitumizire bajeti kuti lione ngati pali poti n'kuthandizapo. Ndatumiza mapepala onse pamodzi ndi kabuku ka msungichuma. Kodi tingaipereke momwe ilili, nanga tingayambe kugula zipangizo?*

Mayi mlembi, musaipereke kaye, ndiponso musagule chilichonse sabata ino. Mapepala anu ndawawerenga onse, ndipo ndi olembedwa mwaudongo kuposa ambiri omwe ndimalandira, koma bajeti yomwe yatulukamo ili ndi zilema ziwiri zomwe zikubisana. Mbali ya zogula mwaiwerengera pansi kwambiri, mbali ya ndalama zolowa mwaiwerengera pamwamba kwambiri, ndipo ziwirizi zitakumana zabala ndalama yotsala ya K200,000 yomwe kulibe. Choipa chinanso n'chakuti wa ku bungweko akaona pepala lonena kuti muli ndi ndalama zoposa zomwe mukufuna, adzakuyamikirani n'kupita kukathandiza mudzi wina, pakuti inu eni mwamuuza kuti simukusowa kanthu.

Ndiyambe ndi malata, chifukwa ndi pomwe pali ndalama zambiri, komanso ndi pomwe makotesheni anu akusiyana mobisika. Kalipentala wanu anawerengera bwino kuchuluka kwake. Denga lanu ndi la mbali ziwiri, mbali iliyonse ikufuna lata la mafiti 12 kuchokera pamtunda kufika pakhonde, ndipo m'litali mukawonjezera masentimita 30 otulukira uku ndi uku mukupeza mamita 12.6. Iye anayeza kuti lata limodzi likasanjikizana ndi linzake limaphimba masentimita 70, choncho mbali imodzi ikufuna malata 18, mbali ziwiri 36, ndipo anawonjezerapo awiri apadera kuti akwane 38. Mawerengedwe awa muwalembe mu bajeti momwemo, mu mzere umodzi kapena iwiri, chifukwa wowerenga akaona komwe 38 wachokera amayamba kukhulupirira manambala enawo.

Vuto lili pa mitengo. Shopu yoyamba, ya pa boma, yalemba malata a geji 28 pa K42,000 limodzi, msonkho wa VAT uli momwemo, ndipo 38 akukwana K1,596,000. Shopu yachiwiri yalemba K34,000 limodzi, zomwe zikupereka K1,292,000, ndipo iyi ndi yomwe komiti inasankha. Koma taonani bwino pepala lawo: m'munsi mwa mawu akuti malata alemba ndi cholembera kuti geji 32. Pa malata, nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala, choncho geji 32 ndi lopepuka kwambiri kuposa geji 28, limapindika munthu akapondapo pokhoma, limang'ambika pa msomali mphepo ikakula, ndipo silichedwa kubooka dzimbiri likayamba. Sikuti shopuyi yakunamizani ayi, yangokupatsani mtengo wa katundu wina. Shopu yachitatu, ya mumzinda, yalemba geji 28 pa K37,000, mtengo wooneka wotsika kuposa wa shopu yoyamba, koma pansi pa pepala pali mawu oti VAT, yomwe pa nthawi yolemba pepalalo inali 16.5 peresenti, sanaiphatikize. Mukaiphatikiza, lata limodzi likufika pa K43,105 ndipo onse 38 akukwana K1,637,990. Kuwonjezera apo, galimoto yochokera mumzinda inakutchulirani K250,000, pamene yochokera pa boma ndi K120,000. Shopu yomwe inkaoneka yodula pa zonse ndiyo yotsika mtengo pa katundu yemwe mukufunadi, akafika pamalo a ntchito.

Chinasokoneza n'chakuti amene anapita kukatenga makotesheni anangonena pakamwa kuti akufuna malata 38, ndipo aliyense wogulitsa anayankha malinga ndi zomwe anali nazo. Njira yake ndi yoti komiti ilembe pepala limodzi la zofunika, lokhala ndi dzina la chinthu, mtundu wake, muyeso wake ndi kuchuluka kwake, n'kulijambulitsa katatu, kuti mashopu onse adzaze mitengo pa mizere yofanana. Kotesheni yoti bungwe liilandire ikhale ndi dzina la shopu, chidindo, tsiku, nambala ya msonkho ya TPIN yomwe amapereka a MRA, mtengo wa chinthu chimodzi ndi wa zonse, mawu onena ngati VAT ili momwemo, ndiponso masiku omwe mtengowo udzakhale osasintha. Mlingo wa VAT boma limatha kuusintha, ndiye musauwerengere pamtima, koma wogulitsa aulembe yekha pa pepala. Chinthu china chomwe oyendera mabuku amachiyang'ana msanga ndi zolemba pamanja. Makotesheni atatu akakhala ndi kalembedwe ka dzanja limodzi, kapena nambala za lamya zofanana, amadziwa kuti munthu mmodzi anadzaza onse, ndipo bajeti yonse imataya chikhulupiriro ngakhale zina zonse zitakhala zoona. Anu alibe vuto limeneli, koma ngati mwini shopu ina ndi mbale wa membala wa komiti, lembani zimenezo poyera ndipo membalayo asakhalepo posankha.

Tsopano tikonze mbali ya zogula. Ndaigawa m'magawo atatu, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza kutsogoloku. Gawo loyamba ndi denga: malata K1,596,000, matabwa K780,000, misomali, malata a pamtunda, waya womangira denga ku khoma ndi mankhwala a chiswe K214,000, galimoto K120,000, ndi malipiro a kalipentala K350,000. Zonsezi ndi K3,060,000. Waya ndi mankhwala a chiswe, zomwe pamodzi ndi pafupifupi K56,000, munalibe mu bajeti yanu, ndipo ndikupemphani kuti musazichotse pofuna kuchepetsa mtengo, chifukwa denga lomwe silinamangidwe ku khoma limasasuka lonse ndi mphepo ya mkuntho, ndipo matabwa osapaka mankhwala chiswe sichichedwa kuwalowa. Gawo lachiwiri ndi zitseko ziwiri ndi mawindo 6, pamodzi ndi maferemu ndi kuikirira kwake, K840,000. Gawo lachitatu ndi pansi ndi pulasitala: matumba 45 a simenti pa K30,000 limodzi, zomwe ndi K1,350,000, galimoto K120,000, mmisiri K500,000, ndi laimu K130,000, zonse pamodzi K2,100,000. Magawo atatuwa akukwana K6,000,000. Kusiyana kwa K600,000 ndi bajeti yanu kwachokera pa malata K304,000, maulendo awiri a galimoto omwe simunawalembe K240,000, ndi waya ndi mankhwala aja.

Malipiro a kalipentala ndi a mmisiri mwawalemba kuchokera pa zomwe ananena pa msonkhano. Nawonso apereke makotesheni olemba, onena ntchito yomwe adzagwire, masiku ake, ndi yemwe adzalipire owathandizira. Mkangano wofala kwambiri pa ntchito za m'midzi ndi woti mmisiri amati mtengo wake sunaphatikize anyamata osakaniza simenti, pamene komiti inkayesa kuti unaphatikiza. Mugwirizanenso zolipira pang'onopang'ono malinga ndi ntchito yomwe yaoneka, ndipo gawo lomaliza la malipiro a kalipentala lidikire mpaka mvula yoyamba itagwa n'kuona kuti denga silikudontha.

K6,000,000 si mapeto, pakuti kotesheni ndi mtengo wa tsiku lomwe inalembedwa. Ya simenti yanu yalemba kuti mtengowo ndi wa masiku 7 okha, pamene simentiyo mudzaigula patapita miyezi. Tonse tikukumbukira kuti ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo makomiti omwe anali ndi makotesheni m'manja pa nthawizo anapeza kuti mapepalawo sakugwiranso ntchito, makamaka pa zinthu zodalira ndalama zakunja monga malata ndi simenti. Choncho pamafunika mizere iwiri yapadera, ndipo musaiphatikize chifukwa ntchito zake n'zosiyana. Woyamba ndi wa zogwa mwadzidzidzi, monga thabwa lopezeka lopindika, thumba long'ambika panjira, kapena khoma lopezeka kuti silinawongoke n'kudya pulasitala wambiri. Apa ikani 10 peresenti ya K6,000,000, yomwe ndi K600,000. Wachiwiri ndi wa kukwera kwa mitengo, ndipo uwu umangokhudza zomwe zidzagulidwe mochedwa. Ine ndaika 15 peresenti pa gawo lachitatu lokha, yomwe ndi K315,000. Nambala imeneyi ndi chiganizo cha komiti, sichochokera ku shopu, choncho mulembe momveka kuti ndi kuyerekeza kwanu ndipo kuti mudzatenga makotesheni atsopano musanagule. Njira yabwino yoitsimikizira ndi kufunsa wa shopu mtengo womwe ankagulitsa thumba lomwelo miyezi 6 yapitayo, n'kuona momwe wayendera.

Wina mu komiti adzanena kuti bwanji osagula simenti yonse lero mtengo usanakwere. Yankho ndi lakuti simenti sisungika ngati malata. Imayamwa chinyontho cha mu mpweya ngakhale thumba lisanatsegulidwe, ndipo ikakhala miyezi yoposa itatu, makamaka nthawi ya dzinja, imayamba kugwirana n'kuchepa mphamvu. Mukatsegula thumba n'kupeza zibuma zomwe sizikuphwanyika pakati pa zala, dziwani kuti yayamba kuwonongeka. Malata, misomali ndi maferemu mukhoza kugula msanga ngati muli ndi posunga pouma ndi potetezeka, koma simenti mugule pafupi ndi tsiku loigwiritsa ntchito.

Pali mzere wina waung'ono womwe makomiti amachita nawo manyazi, wa ndalama zoyendetsera ntchito: ulendo wa anthu awiri wokagula katundu, kujambulitsa mapepala, mayunitsi, ndi zomwe amadula potapa ndalama ku banki kapena pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Ikani K150,000. Mzerewu ukasowa, ndalamazi zimatulukabe, koma zimachoka pa ndalama za simenti popanda lisiti, ndipo ndi pamenepo pomwe mphekesera zakuti komiti ikudya ndalama zimayambira. Mukaphatikiza zonse, K6,000,000, K600,000, K315,000 ndi K150,000, mtengo weniweni wa ntchito yanu ndi K7,065,000.

Tibwere ku mbali yomwe ikundidetsa nkhawa kwambiri, ya ndalama zolowa. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo pa K5,600,000 yanu, wa pamphuno ndi K900,000 yokha yomwe ili ku banki. Zina zonse ndi mawu, koma mawuwo sali ofanana kulemera, ndipo ntchito ya mlembi ndi msungichuma ndi kuwayeza limodzilimodzi.

Mpingo walonjeza K800,000 ndipo wapereka kalata yosainidwa, yonena kuti ndalamayo idzaperekedwa mu Seputembala. Pali ndalama yotchulidwa, tsiku lotchulidwa ndi munthu woti n'kumufunsa, choncho ndaiwerengera yonse. Mabanja 120 a m'mudzi anagwirizana zosonkha K5,000 banja lililonse, zomwe ndi K600,000 pa pepala. Apa sindinafune kulota, ndatsegula kabuku ka msungichuma wanu. Pa chopereka chomwe munasonkha pogula nkhuni zootchera njerwa, mabanja 72 ndi omwe anapereka mwa 120 omwewo, kutanthauza 6 mwa mabanja 10 aliwonse. Palibe chifukwa choganizira kuti ulendo uno zidzasiyana, ndiye ndawerengera K360,000. Sikuti enawo ndi ouma mtima, pakuti mwa iwo muli agogo olera ana amasiye ndi mabanja omwe sanakolole, ndipo ambiri a iwo adzabwera kudzatunga madzi ndi kututa mchenga. Bajeti isawalembere ngongole yomwe sangathe kubweza.

Ana a m'mudzi omwe ali ku Joni ndi m'mizinda analonjeza K1,500,000 pa gulu lawo la pa lamya. Nditawerenga mndandanda womwe mwatumiza, ndapeza kuti omwe anatchula ndalama yeniyeni ndi dzina lawo, ndiponso anaperekapo kale pa ntchito ya njerwa, malonjezo awo akukwana K900,000. Yotsalayo ndi nambala yomwe wapampando wa gululo anawonjezera poganiza kuti ena adzatsatira. Ndawerengera K900,000. Muwapemphe kuti lonjezo likhale la ndalama yomwe idzafike m'manja mwa msungichuma mu makwacha, chifukwa wotumiza ma randi amaganiza za ndalama yomwe yachoka m'thumba mwake, pamene inu mumalandira yotsala atadula zotumizira ndi kusintha. Musankhenso munthu mmodzi kumeneko wosonkhanitsa ndi kutumiza kamodzi, kuti zodula zichepe ndiponso kuti ndalama isamafikire pa lamya za anthu osiyanasiyana.

Kwatsala malonjezo awiri akuluakulu. Bambo wina wa bizinesi anaimirira pa msonkhano n'kunena K1,000,000, anthu n'kuwomba m'manja. Wandale wina ananena K800,000 pa maliro. Onse awiri ndawaika pa ziro. Sindikunena kuti ndi abodza, koma lonjezo lonenedwa pagulu, lopanda tsiku ndi kalata, silinganyamule denga. Ndinaonapo komiti ina yomwe inasasula denga lakale la udzu podalira lonjezo lotere, ndipo mvula inapeza makoma ali pamtetete, khoma limodzi n'kugwa mu Januwale. Malonjezo amenewa muwalembe mu bajeti, koma pa mzere wawo wa zomwe mukukambirana, kunja kwa ndalama zowerengeredwa, ndipo alowe m'kati pokhapokha kalata kapena katundu akafika. Ngati wandaleyo ankanena za ndalama za chitukuko za boma, zimenezo zili ndi njira yake yodutsa ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, kenako ya dera, ya ADC, mpaka ku khonsolo, ndipo pempho lanu liyenera kulembedwa m'mabuku a makomiti amenewo. Mawu a pa maliro salowa m'malo mwa njira imeneyi.

Ndalama zodalirika, tsono, ndi K900,000, K800,000, K360,000 ndi K900,000, zomwe zikukwana K2,960,000. Mukachotsa pa K7,065,000, kwatsala K4,105,000. Ndikudziwa kuti nambalayi idzawawa pa msonkhano wa komiti, pakuti munapita kukagona muli ndi ndalama yotsala ndipo mwadzuka muli ndi dzenje la mamiliyoni anayi. Koma dzenjelo linalipo kale, ndipo nambala imeneyi ndiyo pempho lanu ku bungwe lija. Tsopano muli ndi chowauza.

Musaiwale kuonetsa zomwe mudzi ukupereka zosakhala ndalama. Mchenga, miyala, madzi ndi manja a anthu zili ndi mtengo, ndipo mabungwe ambiri amafuna kuona gawo la eni mudzi asanaike lawo. Muwerengere pa mitengo ya kwanuko: ngolo ya mchenga imagulidwa zingati, waganyu wotunga madzi amalandira zingati pa tsiku. Tinene kuti zakwana K700,000. Nambalayi iyenera kuoneka kawiri, ku mbali ya zofunika ndi ku mbali ya zopereka, kuti izifafanizana yokha. Cholakwa chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kuilemba ku mbali ya zopereka kokha, ndipo zikatero dzenje limaoneka ngati lachepa ndi K700,000, chonsecho mchenga sungagule lata. Makoma omwe munamanga kale muwatchule m'mawu oyambirira pamodzi ndi chithunzi, koma musawasakanize ndi ndalama za ntchito yomwe ikubwerayi.

Tsopano chifukwa chomwe ndinagawira ntchito patatu. Gawo lililonse liyenera kutha pamalo poti nyumba ikhoza kuima miyezi ingapo osawonongeka ngati ndalama zitachedwa. Denga likatha, makoma atetezeka ndipo ana akhoza kukhala m'kati pa mphasa ngakhale pansi pali dothi. Zitseko ndi mawindo zikalowa, mukhoza kutsekera ziwiya, ufa wa phala ndi simenti yomwe. Pansi ndi pulasitala zikhoza kudikira mpaka mvula itatha popanda chotayika. Lamulo lomwe komiti ilembe m'mabuku ake ndi lakuti gawo silidzayamba ndalama zake zonse zisanafike m'manja. Denga lofoleredwa theka ndi loopsa kuposa nyumba yopanda denga, chifukwa mphepo imalowa pansi pa malata n'kuwanyamula, ndipo matabwa osaphimbidwa amapindika ndi mvula ndi dzuwa.

Tiyese lamuloli pa gawo loyamba. Denga ndi K3,060,000, ndipo mukawonjezera 10 peresenti yake ya zadzidzidzi, K306,000, likufuna K3,366,000. Ndalama zodalirika ndi K2,960,000, choncho zikuperewera ndi K406,000, ngakhale onse odalirikawo atapereka pa nthawi yake. Ichi ndicho chifukwa ndati musagule sabata ino. Komabe mpata ulipo, ndipo uli kwa bambo wa bizinesi uja. M'malo momukumbutsa za miliyoni yake, wapampando ndi amfumu apite kwa iye ndi kotesheni ya matabwa ya K780,000, n'kumupempha kuti alipire yekha kwa wocheka matabwayo. Anthu a bizinesi ambiri savutika kulipira katundu wooneka ndi maso, yemwe angathe kumuloza kuti uyu ndinagula ndine, kusiyana ndi kupereka ndalama m'manja mwa komiti. Akavomera, denga lakwanira, ndipo patsala K374,000, yomwe mutengepo zoyendetsera ntchito, yotsalayo idikire zitseko. Pempho lanu ku bungwe litsikanso kufika pa K3,325,000. Akakana kapena akazengereza, mwadziwa msanga kulemera kwa lonjezo lake, ndipo mupemphe bungwelo kuti liyambe ndi K406,000 yotsekera denga.

Ndalama kukwana pa pepala ndi nkhani ina, kufika pa nthawi yake ndi nkhani inanso, ndiye bajeti yanu ikhale ndi tsamba la miyezi. Lembani mwezi uliwonse kuyambira uno wa Ogasiti, ndalama zomwe zidzalowe, zomwe zidzatuluke, ndi zotsala kumapeto kwake, ndipo nambala yotsalayo isatsike pansi pa ziro mwezi uliwonse. Lero muli ndi K900,000, yomwe singagule ngakhale malata okha. Ya mpingo ikafika mu Seputembala mudzakhala ndi K1,700,000, yokwanira malata koma yoperewera pang'ono pa galimoto, ndipo ya mabanja ikalowa ndi pomwe ulendo wa ku shopu ungatheke. Chopereka cha mabanja musonkhe mwezi uno ndi wamawa, anthu akadali ndi kangachepe ka zokolola, pakuti ikafika Okutobala maganizo onse amapita ku feteleza ndi mbewu, ndipo kuyambira Januwale mpaka Malichi simungapemphe munthu ndalama ya sukulu pamene nkhokwe ilibe kanthu. A ku Joni muwapatse tsiku lenileni, kumapeto kwa Seputembala, kuti kalipentala agwire ntchito mu Okutobala, popeza mvula ya kuno imayamba cha mu Novembala. Pa nthawi yomwe ndalama za malata zikukwana, kotesheni ya shopu yoyamba idzakhala itatha masiku ake, choncho muitengenso, ndipo ngati mtengo wasintha, mukonze bajeti n'kulemba tsiku latsopano pamwamba pake kuti pasakhale mapepala awiri osiyana oyendayenda.

Bungwe lija mulifunse mafunso atatu musanalembe pepala lomaliza, chifukwa mayankho ake amasintha kamangidwe ka bajeti. Kodi limapereka ndalama, kapena limagula lokha katundu? Kodi limapereka ntchito isanayambe, kapena limabweza mukaonetsa malisiti? Nanga pali zomwe sililipira? Mabungwe ena salipira amisiri, ena salola mzere wa zadzidzidzi, ndipo ndalama yoperekedwa kuti igule simenti simungaipatutse kukagula zitseko popanda chilolezo cholemba. Ngati lanu salola mzere wa zadzidzidzi, musaubise pokweza mitengo ya zinthu, chifukwa adzafananiza ndi makotesheni n'kukugwirani. Muusiye poyera ndipo mulembe kuti udzalipiridwa ndi zopereka za mudzi. Pa chifukwa chomwechi, ndi bwino kuika pa mzere uliwonse wa zogula dzina la yemwe adzalipire: malata kuchokera ku ndalama za ku banki, za mpingo ndi za mabanja, matabwa kwa bambo wa bizinesi, simenti ndi mmisiri ku bungwe. Mukatero, palibe chinthu chomwe chidzapemphedwe kawiri kwa anthu awiri.

Pepala lokhalo lisatalike. Tsamba loyamba linene ntchito, chiwerengero cha ana omwe amabwera, zomwe mudzi wachita kale, mtengo wonse, ndalama zodalirika ndi ndalama yomwe mukupempha. Tsamba lachiwiri likhale la zogula m'magawo atatu aja, mzere uliwonse ndi kuchuluka, mtengo wa chimodzi, mtengo wa zonse ndi shopu yomwe mtengowo wachokera. Lachitatu likhale la zopereka, zogawidwa kukhala zomwe zili m'manja, zolonjezedwa ndi kalata, zoyerekezedwa potengera mbiri ya m'kabuku, ndi zomwe mukukambirana. Kenako tsamba la miyezi, ndipo kumbuyo mumangirire makotesheni onse atatu, ngakhale omwe simunawasankhe, ndi chiganizo chimodzi chofotokoza kuti shopu ya K34,000 mwaisiya chifukwa malata ake ndi a geji 32. Muikeponso kalata ya mpingo, pepala la ku banki loonetsa K900,000 ndi mayina a osainira, ndi kalata ya amfumu yotsimikiza kuti malowo anaperekedwa ku sukuluyo. Popeza sukulu za mkombaphala zimayang'aniridwa ndi ofesi ya zosamalira anthu ya pa boma, kalata yochokera kumeneko yonena kuti akuidziwa sukulu yanu idzathandizanso.

Musanatumize, muiwerenge bajetiyi pa msonkhano wa mudzi wonse, amfumu alipo, ndipo mutchule momveka kuti denga likuperewera K406,000 ndi tsiku lomwe likufunika kukwanira. Mayina a omwe malonjezo awo mwawaika pa ziro musawatchule pagulu, mungonena kuti pali ena omwe komiti ikukambirana nawo. Ulendo wa kwa bambo wa bizinesi uja uchitike msonkhanowo usanafike, kuti ngati wavomera za matabwa, adzalengeze yekha.